Ngongole iwirikiza liti? Gawani 72

Tsiku lina la banki mkhonde ndinakhala pambali kudikira azakhali anga, ndikuonerera gulu likuwerengera ndalama pa mphasa. Mayi wina wogulitsa tomato anatenga ngongole ya K100,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa mwezi. Atasainira m'kope anafunsa mlembi kuti, "Achemwali, nanga geni ikavuta osabweza kanthu, ifika K200,000 liti?" Mlembi anayankha mosakayika kuti miyezi isanu, poti K20,000 kasanu ndi K100,000. Msungichuma anapukusa mutu. Anakumbutsa kuti pa malamulo a gulu lawo, chiwongoladzanja chimene munthu walephera kupereka chimaphatikizidwa ku ngongole, ndipo mwezi wotsatira nacho chimabereka.

Anatenga bolopeni nayamba kutsika nawo mzere. Mwezi woyamba ukatha ngongole ili pa K120,000. Wachiwiri, 20 peresenti ija ikuwerengedwa pa K120,000, ndiye yafika K144,000. Wachitatu K172,800. Wachinayi K207,360. Ngongole yawirikiza mwezi wachinayi usanathe, osati wachisanu. Mwezi umodzi umenewo si waung'ono kwa munthu amene akudikira kuti tomato apse kudimba.

Yankho limeneli likanapezeka popanda kope. Tengani nambala 72, muigawe ndi peresenti ya chiwongoladzanja. Chimene mwapezacho ndi nthawi imene ndalama itenge kuti iwirikize kawiri. Apa 72 kugawa ndi 20 ndi 3.6, kutanthauza miyezi itatu ndi theka ndi kakusefukira. Akatswiri a zachuma amati limeneli ndi lamulo la 72. Ngati chiwongoladzanja chili cha pa mwezi, yankho lili m'miyezi. Ngati chili cha pa chaka, yankho lili m'zaka. Ambiri amaphonya pomwepa. Amamva 20 peresenti ya ku banki mkhonde ndi 20 peresenti ya ku banki ya m'tauni n'kumayesa ndi chinthu chimodzi, pamene yoyambayo iwirikiza ngongole m'miyezi inayi, yachiwiriyo m'zaka zinayi.

Njirayi si yatsopano. Luca Pacioli, wansembe wa ku Italy amene ankaphunzitsa masamu, anaitchula m'buku lake Summa de arithmetica limene linasindikizidwa ku Venice mu 1494, ndipo sanafotokoze kumene inachokera. Chimene chaisunga zaka zoposa 500 n'chakuti 72 ndi nambala yofewa m'mutu. Imagawika bwino ndi 2, 3, 4, 6, 8, 9 ndi 12 popanda chotsala. Pa 6 peresenti pa chaka ndalama iwirikiza m'zaka 12, pa 8 peresenti m'zaka 9, pa 12 peresenti m'zaka 6. Mukhoza kuwerengera zimenezi muli pa mzere wa ku banki, fomu ili m'manja.

Koma pali chinthu chimodzi chofunika kufunsa musanagawe: kodi chiwongoladzanja chikubereka chinzake? Mlembi uja sanalakwe masamu. Akanakhala kuti mayi wa tomato akupereka K20,000 mwezi uliwonse, mpamba wokha n'kumatsalira, ndalama zopereka pamwamba zikanakwanadi K100,000 pa miyezi isanu. Pamenepo mumagawa 100, osati 72. Lamulo la 72 limagwira pokhapo pamene chobadwacho chikusiyidwa momwemo kuti nacho chibereke, ngati mbuzi zimene simukugulitsako ana. Munthu amene amatapa chiwongoladzanja cha ku akaunti yake chaka ndi chaka asayembekezere kuti ndalama yake iwirikiza pa nthawi imene lamuloli likunena.

Tsono lamuloli ndi lolondola mpaka pati? Pa ngongole ya tomato ija linatipatsa 3.6, pamene masamu enieni amapereka 3.8. Kusiyanako kuli ndi chifukwa chake. Nambala yeniyeni imene ili pansi pa nkhani yonseyi ndi 69.3, imene a masamu amaipeza kuchokera ku ln 2. Nambala imeneyi ndi yolondola ndendende ngati chiwongoladzanja chikuphatikizidwa mosalekeza, mphindi iliyonse. Koma gulu la banki mkhonde limaphatikiza kamodzi pa mwezi, mabanki ena kamodzi pa chaka. Pakati pa nthawizo chiwongoladzanja chimakhala chitangokhala, chisakubereka, choncho ndalama imachedwerako kuwirikiza. Kuchedwako kumakula peresenti ikamakula. N'chifukwa chake nambala yoyenera kugawa siyokhazikika: imayambira pa 69.3 peresenti ikakhala yaying'ono kwambiri, n'kumakwera pang'onopang'ono. Imadutsa pa 72 peresenti ikakhala pafupi ndi 8.

Yesani nokha pa foni. Chulukitsani K100,000 ndi 1.08 kasanu ndi kanayi, mupeza K199,900. Lamulo linati zaka 9, ndipo laphonya ndi K100 yokha. Pa 12 peresenti, zaka 6 zimakupatsani pafupifupi K197,400, zomwe n'zoyandikira ndithu. Kuyambira pa 6 mpaka pa 10 peresenti mungalikhulupirire ndi mtima wonse. Vuto ndi lakuti ife sitikhala kwenikweni m'dera limenelo. Chiwongoladzanja cha ngongole zathu ndi kukwera kwa mitengo kwathu zimakonda kukhala pamwamba pa 20, ndipo kumeneko lamulo limayamba kunena nthawi yaifupi kuposa yeniyeni. Pa 36 peresenti limati zaka ziwiri, koma zaka ziwirizo zikatha K100,000 imakhala itafika K184,960 basi. Imafuna miyezi ina itatu. Pa 100 peresenti ndiye limasokera poyera: aliyense akudziwa kuti ndalama iwirikiza m'chaka chimodzi, koma lamulo likuti chaka chisanathe, pa miyezi isanu ndi inayi.

Chosangalatsa n'chakuti kuphonyaku kuli ndi mankhwala osavuta. Pa maperesenti atatu aliwonse amene mwapitirira 8, onjezani 1 pa 72. Tibwerere kwa mayi wa tomato. 20 yapitirira 8 ndi 12, ndipo mu 12 muli magulu anayi a atatu. Ndiye tigawa 76 ndi 20, yankho 3.8, lofanana ndi masamu enieni. Wakatapila amene amafuna 50 peresenti pa mwezi: 50 yapitirira 8 ndi 42, tionjezera 14, ndipo 86 kugawa ndi 50 ndi 1.7. Ngongole yotere ikasiyidwa imawirikiza miyezi iwiri isanakwane. Ine ndimaona kuti kwa munthu wa kuno, kakuonjezera kameneka n'koyenera kukadziwa mofanana ndi lamulo lenilenilo.

Kukwera kwa mitengo kumawerengedwa chimodzimodzi, kungoti kumadya ndalama m'malo moibereketsa. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu m'Malawi inkakwera ndi maperesenti oposa 30 pa chaka. Titenge 30. Lamulo wamba likuti zaka 2.4, lokonzedwa lija likuti 79 kugawa ndi 30, pafupifupi zaka 2.6. Ndiye kuti K500,000 yosungidwa m'chikwama pansi pa matiresi, pakatha zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri kapena itatu, igula theka la malata amene ikanagula lero. Ndipo amene wasunga ku banki pa 10 peresenti adzaona ndalama yake itawirikiza m'zaka zisanu ndi ziwiri, pamene mitengo idzakhala itawirikiza kawiri konse n'kuyamba ulendo wachitatu.

Pa chiwerengero cha anthu ndi pamene lamuloli limaonetsa mphamvu yake ndi malire ake pamodzi. Kalembera wa 2018, amene anachititsa a ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, anapeza anthu 17.6 miliyoni, ndipo chiwerengero chinali chikukula ndi 2.9 peresenti pa chaka kuchokera mu 2008. Nambala 2.9 imamveka yaying'ono. Palibe amene angaope ngongole ya 2.9 peresenti. Koma 72 kugawa ndi 2.9 ndi zaka pafupifupi 25. Pa maperesenti aang'ono chonchi 72 imakhala yakulirako, choncho owerenga anthu amakonda 70, imene ikupereka zaka 24, ndipo ndiyo ili pafupi ndi zoona. Mwana wobadwa m'chaka cha kalemberayo, pomadzakwatira, akhoza kudzapeza Malawi wa anthu 35 miliyoni pa nthaka yomweyi, ndi nyanja yomweyi.

Ndati "akhoza" mwadala. Kusiyana kwa zaka 24 ndi 25 si vuto lenileni. Vuto ndi lakuti lamuloli limatenga peresenti ya lero ngati kuti idzakhala yomweyo mpaka kalekale, ndipo mbiri yathu yomwe inatsutsa kale zimenezi. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni, wa 1987 anapeza 8 miliyoni: kuwirikiza m'zaka 21. Lamuloli limagwiranso chobwerera, 72 kugawa ndi 21, ndipo limatiuza kuti tinkakula ndi pafupifupi 3.4 peresenti pa chaka. Pakati pa 1977 ndi 1987 pokha liwiro linafika 3.7 peresenti. Munthu akanagawa 72 ndi 3.7 m'chaka cha 1987 akanalosera kuti tidzakwana 16 miliyoni cha m'ma 2006 kapena 2007. Kalembera wa 2008 anapeza 13.1 miliyoni. Waphonya ndi anthu pafupifupi 3 miliyoni, koma osati chifukwa cha kugawa.

Chinachitika n'chakuti mu 3.7 uja munali anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anadzaza maboma a m'malire monga Nsanje, Dedza ndi Ntcheu. Nkhondo itatha mu 1992 ambiri anabwerera kwawo. Zaka zomwezo Edzi inatenga anthu ochuluka a msinkhu wobereka. Pakati pa 1987 ndi 1998 liwiro linatsika kufika pa 2 peresenti, imene ikanafuna zaka 35 kuti iwirikize chiwerengero. Choncho musanagawe, funsani kuti peresenti imene muli nayo yachokera kuti, ndipo muli chiyani m'kati mwake chimene sichingabwerezeke.

Funso lomwelo likuyenera 2.9 wa 2018. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu anaonetsa kuti mu 2010 mayi mmodzi ankabereka ana 5.7 tikatengera pakatikati, ndipo pofika 2015 ndi 2016 nambalayo inali itatsika kufika pa 4.4. Kutsika kumeneku kumakokera 2.9 pansi, koma pang'onopang'ono, chifukwa atsikana amene adzakhale amayi m'zaka 20 zikudzazi anabadwa kale ndipo ndi ochuluka kuposa amayi awo. Liwiro litatsika kufika pa 2.5 peresenti, kuwirikiza kungatenge zaka 28 m'malo mwa 24, ndipo 35 miliyoni uja angasunthe kuchoka cha m'ma 2042 kupita cha m'ma 2046.