Kawerengedwe ka mtengo wa nkhokwe yomwe gulu lamanga lokha

Magulu ambiri a alimi ku Chikwawa ndi Nsanje amamanga okha nyumba zosungiramo mapira, chitowe, nandolo kapena mpunga. Mamembala amatuta mchenga, kuumba zidina ndi kuthandiza amisiri, ndipo ndalama zina zimachokera ku ngongole. Ntchito ikatha, gulu liyenera kudziwa kuti nkhokweyo yadya ndalama zingati.

Ndalama zomangira sizilembedwa ngati zowonongedwa za chaka chimodzi, monga timachitira ndi matumba kapena mankhwala a anankafumbwe. Nkhokwe ndi katundu wokhalitsa. Choncho zonse zolowa pomanga zimaunjikidwa pamodzi n'kukhala mtengo wa nyumbayo, kenako mtengowo umagawidwa pa zaka zomwe idzagwire ntchito. Mukazilemba zonse pa chaka chimodzi, mabuku adzaonetsa ngati gulu laluza kwambiri pomwe lili ndi nyumba yatsopano.

Tiyerekeze gulu lina la kufupi ndi Ngabu lomwe lamanga nkhokwe yolowa matumba 1,500. Mitengo ili m'munsiyi ndi yachitsanzo chabe. Inu mugwiritse ntchito ya pa malisiti anu.

Zipangizo ndi amisiri

Gululi lagula simenti, malata, matabwa ndi zitsulo za K9,000,000, kuphatikizapo mayendedwe. Koma matumba 20 a simenti, a K25,000 lililonse, anauma chifukwa anasiyidwa pansi ponyowa. K500,000 imeneyi sinalowe m'khoma, choncho ichotsedwe n'kulembedwa ngati yotayika. Zotsala ndi K8,500,000. Amisiri analipidwa K2,400,000, ndipo yonseyi ilowa.

Mamembala anaumba okha zidina za simenti 3,000. Simenti yake, yomwe inagulidwa padera, ndi ngolo yotuta mchenga zinadya K2,100,000. Pamsika zidinazi zikanagulidwa pa K3,000,000, koma m'buku mulembe K2,100,000. Gulu silingadzigulitse lokha katundu n'kudziwerengera phindu.

Ntchito ya mamembala

Mamembala 20 anagwira masiku 30 aliyense. Msonkhano unagwirizana ntchito isanayambe kuti tsiku limodzi likhale K2,000, mofanana ndi ganyu wa m'deralo, ndipo ndalamayo iwonjezedwe pa masheya a munthu aliyense. Zonse pamodzi ndi K1,200,000. Ndalamayi ilowa mu mtengo wa nkhokwe chifukwa gulu lapereka masheya posinthana ndi thukuta. Umboni wake ndi kaundula wa tsiku ndi tsiku wosayinidwa. Ngati anthu anangodzipereka popanda malipiro kapena masheya, masiku awo alembedwe m'buku lapadera, osati mu mtengo wa nyumba.

Chiwongoladzanja

Gululi linakongola K6,000,000 mu Meyi, pa chiwongoladzanja cha 3 peresenti pa mwezi, yomwe ndi K180,000 mwezi uliwonse. Ntchito inayamba mwezi womwewo n'kutha kumapeto kwa Novembala, miyezi 7. Koma mu Ogasiti ndi Seputembala ntchito inaimiratu chifukwa mmisiri anachoka.

Chiwongoladzanja chimalowa mu mtengo wa nyumba pa nthawi yokhayo yomwe kumanga kukuchitika. Apa ndi miyezi 5, kutanthauza K900,000. Cha miyezi iwiri yoima ija, K360,000, chilembedwe ngati chowonongedwa cha chaka chimenecho. Masiku ochepa odikira kuti konkire aume sachotsedwa, chifukwa ndi mbali ya ntchito. Nkhokwe ikangokonzeka kulandira matumba, kuunjika kuthere pomwepo, ngakhale ngongole isanathe komanso ngakhale mbewu zisanalowemo. Ngongole yeniyeniyo musaiwonjezere, popeza ndalamazo zawerengedwa kale pa zipangizo zomwe zinagulidwa.

Dziwani kuti malamulo ofupikitsidwa a mabizinesi ang'onoang'ono salola kuunjika chiwongoladzanja pa nyumba. Chonse chimalembedwa ngati chowonongedwa. Funsani wofufuza mabuku a kopaletivi yanu kuti mutsate njira iti. Ngakhale zili choncho, chiwerengereni poika mtengo wosungitsira mbewu.

Kuphatikiza

Tikaphatikiza K8,500,000, K2,400,000, K2,100,000, K1,200,000 ndi K900,000, mtengo wa nkhokwe ndi K15,100,000. Ngati gulu likuyembekeza kuti nyumbayi ikhala zaka 20, chaka chilichonse lichotse K755,000 ngati kutha kwa nyumba. Pa matumba 1,500, imeneyi ndi K500 ndi pang'ono pa thumba pa chaka, tisanawerengere mlonda, mankhwala ndi zokonzetsa. Gulu lolipiritsa K300 pa thumba likudya nkhokwe yake osadziwa.

Zaka 20 zija zimadalira malo ndi maziko. Dothi la makande limang'aluka m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, ndipo limang'amba makoma a maziko osazama. Madzi osefukira, monga a namondwe Freddy mu Malichi 2023, amafupikitsanso moyo wa nyumba za m'malo otsika. Ndalama zozamitsira maziko ndi kukweza pansi pomanga zimalowa mu mtengo wa nkhokwe, koma zomatira ming'alu pambuyo pake ndi zowonongedwa za chaka chomwe mwakonzacho.