Chithunzi chong'ambika: zimene situdiyo ingabweze ndi zimene singabweze

Banja likamakonzekera kumanga chiliza, kapena ana akafuna kupachika chithunzi cha makolo pabalaza, ndi pamene anthu amakumbukira envulopu ija ili pansi pa sutikesi. Potsegula amapeza chithunzi chili zidutswazidutswa, mphemvu zitadya m'mbali, selotepi imene wina anamata kalekale itasanduka yachikasu. Amathamangira nacho ku situdiyo ndi pempho limodzi, loti chibwerere mwakale. Situdiyo yachilungamo sifulumira kuvomera. Imayamba yachiunika, kenako n'kumulembera mwini wake uthenga womuuza zimene zingatheke ndi zimene sizingatheke, asanalipire ndalama iliyonse. Uthenga wotere ambiri amauwerenga ngati kuzemba ntchito, chonsecho ndiwo umasonyeza kuti mwafika kwa munthu wodziwa.

Tiyerekeze ndi chithunzi cha ukwati cha m'ma 1970, chakuda ndi choyera, chotalika masentimita 14 ndipo m'lifupi 9. Mkwati ndi mkwatibwi aimirira, akuoneka thupi lonse. Chinang'ambika zidutswa zinayi, koma m'envulopu mwapezeka zitatu. Chidutswa chosowacho n'chaching'ono ngati chikhadabo, komatu chinapita ndi diso lamanzere la mkwati pamodzi ndi tsaya lake. Mng'alu wina wadutsa pa diresi la mkwatibwi, ndipo pamenepo ndi pamene panamatidwa selotepi. Mwana wamkazi wa banjali, amene tsopano ndi mayi wamkulu, akufuna chithunzi chachikulu cha pafulemu. Uthenga wa situdiyo ungayambe motere:

"Zikomo mayi. Chithunzi cha ukwati wa makolo anu tachiona bwinobwino. Choyamba mudziwe kuti pepala lakaleli sitilikonza ayi. Tilijambula pa sikana, tikonze pakompyuta, ndipo tikusindikizirani chatsopano. Zidutswa zanu tikubwezerani monga momwe munabweretsera."

Mfundo imeneyi imadabwitsa anthu ambiri, chifukwa amayembekezera kulandira pepala lomwelo litalumikizika. Kulumikiza pepala lenilenilo ndi ntchito ina, ya akatswiri osamalira zinthu zakale. Iwo amamata kumbuyo ndi kapepala kopyapyala kwambiri ka ku Japan ndi phala la sitachi ya tirigu, ndipo ngakhale atero mzere wa mng'alu umaonekabe kumaso. Situdiyo imapanga kope. Imaika chidutswa chilichonse pa sikana, kawirikawiri pa muyezo wa 600 dpi, kutanthauza timadontho 600 pa inchi iliyonse, kenako n'kulumikiza zidutswazo pakompyuta ndi pulogalamu monga Photoshop. Ubwino wake ngwoti wokonzayo akalakwitsa amabwerera m'mbuyo, pepala la makolo osakhudzidwa.

Uthengawo umapitirira ndi nkhani yabwino:

"Ming'alu yonse pamene zidutswa zikukumana idzatha, simudzaionanso. Diresi la amayi anu, jekete la malemu bambo anu ndi nsalu ya kumbuyo tidzazibweza bwino. Chikasu cha selotepi tidzachichotsa pa kope latsopanolo."

Situdiyo ingalonjeze zimenezi molimba mtima chifukwa cha mmene chithunzi chinapangidwira. Chithunzi chakuda ndi choyera chimakhala pa kachikopa kopyapyala ka jelatini kokutira pepala, ndipo m'kachikopamo muli timchenga ta siliva timene timapanga mdima ndi kuwala. Pepala likamang'ambika silidukiratu mowongoka, limasendeka: chidutswa china chimatenga kachikopa ka pamwamba, chinzake n'kutsala ndi mlomo woyera wa pansi. Ukaziyandikitsa bwino, kachikopa kaja kamaphimba mlomo woyerawo, ndipo chotayika chimangokhala kamzere kochepa ngati ulusi. N'chifukwa chake kudula milomo yoyerayo ndi sizasi pofuna kuti zidutswa zioneke zaudongo n'kuwononga, popeza sizasi imapita ndi kachikopa komwe kakanatseka mpatawo.

Kamzere kotsalako wokonza amakatseka pokopera kuchokera pafupi pomwepo, ndi zida za m'pulogalamu zotchedwa Clone Stamp ndi Healing Brush. Mng'alu ukadutsa pa jekete lakuda, amatenga jekete la mamilimita awiri kumbali n'kuphimba. Ukadutsa pa khoma kapena pa nsalu, chimodzimodzi. Apa palibe chopeka, chifukwa zimene zili mbali zonse ziwiri za mzerewo zikunena zokha chimene chinali pakati. Ndi ntchito yodya nthawi, makamaka pa maluwa a diresi pamene duwa lililonse liyenera kukumana ndi linzake, koma imatheka.

Selotepi ili ndi mbali ziwiri. Chikasu chimene guluu wake anasiya chimachoka mosavuta pa chithunzi chakuda ndi choyera, chifukwa kompyuta imatha kusiyanitsa mtundu wachikasuwo ndi mdima weniweni wa chithunzi. Koma ngati wina anayesapo kuimatula ndipo inanyamula kachikopa kaja, pamalopo pamatsala pepala loyera lopanda kanthu. Choncho selotepi imene ilipo kale isiyeni, situdiyo idzajambula ndi selotepiyo pomwepo. Chimodzimodzi chithunzi chimene chinamatirira ku galasi la fulemu chifukwa cha chinyezi: musachikoke, pitani nacho ndi galasi lakelo.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani, ndime imene kasitomala safuna kuimva:

"Koma mayi, diso lamanzere la bambo anu ndi tsaya lawo palibe. Zinapita ndi chidutswa chosowacho, ndipo palibe makina angazitulutse pamene palibe. Chilichonse tingaikepo chidzakhala chongoganizira. Chikhoza kuoneka bwino kwa mlendo, koma inu amene munawadziwa mukhoza kuona kuti si iwowo."

Mawu amenewa ndi oona, ndipo ndimalemekeza situdiyo iliyonse imene imawanena. Pa chithunzi cha msinkhu uwu, mutu wa munthu woimirira umakhala pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, ndipo diso limangokhala mamilimita awiri. M'mamilimita awiri amenewo ndi mmene mwana amazindikira bambo wake. Jekete ukalakwitsa pang'ono palibe angadziwe. Diso ukalisuntha pang'ono chabe, kapena chikope ukachikweza, nkhope yonse imasintha n'kukhala ya munthu wina.

Njira yodziwika ndi kukopera diso lamanja, kulitembenuza, n'kuliika kumanzere. Imamveka yanzeru, koma ili ndi zovuta ziwiri. Nkhope ya munthu mbali zake ziwiri sizifanana ndendende. Wina diso limodzi limachepa, wina nsidze imodzi imakwera, wina ali ndi chipsera kapena mphini mbali imodzi yokha. Chachiwiri ndi kuwala. Ngati tsiku la ukwatilo kuwala kunkachokera kumanja, mbali yamanzere inali ndi mthunzi. Diso lotembenuzidwalo limabwera ndi kuwala kwa mbali yolakwika, ndipo kadontho koyera ka m'diso kamakhala mbali yosiyana ndi ka diso linzake. Mukaona chithunzi chokonzedwa chimene munthu wake akuoneka ngati akuyang'ana mbali ziwiri, kawirikawiri gwero lake ndi limeneli. Wokonza waluso amakonzanso mthunzi ndi kadonthoko ndi dzanja, komabe chotuluka ndi chojambula chake, osati chimene kamera inaona tsiku lija.

N'chifukwa chake uthenga wabwino umafunsa funso ili: "Kodi muli ndi chithunzi china cha bambo anu cha zaka zomwezo, ngakhale cha pachitupa kapena pa pasipoti?" Chithunzi chachiwiri chimamuonetsa wokonza mmene diso lenilenilo linalili. Chimathandiza kwambiri ngati nkhope yayang'ana mbali yofanana ndipo zaka sizinatalikirane. Cha munthu ali ndi zaka 70 sichingabweze tsaya la mnyamata wa zaka 25.

Apa mwini chithunzi ndiye asankhe, osati situdiyo. Ine langizo langa n'lakuti mupemphe makope awiri. Loyamba likhale lokonza ming'alu yokha, pamalo posowapo pangoikidwa mtundu wotuwa wosaphokosera maso. Lachiwiri likhale lodzaza diso ndi tsaya, la pabalaza, ndipo kumbuyo kwake mulembe ndi pensulo kuti mbali yakutiyakuti inachita kujambulidwa. Zidzukulu zimene sizinawaonepo agogo awo zidzakhulupirira nkhope iliyonse imene mudzazipatse, ndiye n'chilungamo kuti zidziwe. Ndipo musanavomereze kusindikiza, muonetse kope lodzazalo kwa azakhali kapena amalume amene anakula ndi malemuwo.

Malire ena ndi a kukula. Mayi uja akufuna chithunzi chachikulu, ndipo situdiyo ikumuuza kuti chisapitirire pafupifupi masentimita 18 ndi 28, kucheperako pang'ono pepala la A4. Masamu ake ngosavuta: chojambulidwa pa 600 dpi chikasindikizidwa pa 300 dpi, umene ndi muyezo wabwino wosindikizira, chimakula kawiri mbali zonse. Ngakhale pamenepo nkhope zimayamba kufewa, popeza kapepala kakang'ono kanasunga tsatanetsatane wochepa kuchokera pachiyambi. Kukweza sikana kufika pa 1200 dpi kumangoonetsa timchenga ta siliva ndi fumbi mokulirapo. Ndipo ngati wojambula wa nthawi imeneyo anagwedeza kamera, chimbuuzi chimenecho n'cha chithunzicho, sichinabwere ndi ukalamba, choncho kukonza sikungachithetse.

Zithunzi zamitundu za m'ma 1980 zimene zinafiira zili ndi nkhani yakeyake. Zili ndi utoto wa mitundu itatu, ndipo umodzi ukazilala msanga chithunzi chonse chimapendekera ku mtundu wa utoto wotsalawo. Utoto wozilalawo ukakhala ulipobe pang'ono, kompyuta imaukweza ndipo mitundu imabwerera moyandikira. Ukatheratu, mtundu wa chitenje cha agogo umakhala woti inuyo muuze wokonzayo.

Uthengawo umatha ndi zimene mudzalandire: kope losindikizidwa, fayilo ya TIFF kapena JPEG pa fulashi, ndi zidutswa zanu. Pemphaninso fayilo ya mmene chithunzi chinalili chisanakonzedwe. Akamakutumizirani pa WhatsApp, atumize ngati Document, chifukwa kutumiza ngati chithunzi wamba kumachepetsa fayiloyo. Zidutswazo musazimate pulasitiki pa makina otentha aja, popeza zikalowamo sizitulukanso bwino. Zisungeni m'envulopu ya pepala, pouma, kutali ndi khoma la chinyezi limene limabweretsa chuku.

Musanalipire ntchito yodzaza nkhope, yambani mwakutumula envulopu ija ndi sutikesi yonse, chifukwa kachidutswa kosowa nthawi zina kamakhala kali pakona pomwepo. Kenako imbirani abale. Zithunzi za ukwati zinkatsukidwa zingapo n'kugawidwa kwa ankhoswe, kwa makolo a mbali zonse ziwiri ndi kwa anzawo a mkwati ndi mkwatibwi. Kope lina likapezeka, ngakhale lozilala kapena lothimbirira, pitani nalo ku situdiyo pamodzi ndi zidutswa zanuzo, chifukwa diso lenileni la bambo anu lili pamenepo.