Ndalama zabwezedwa: pakalata yotsekera nkhani alembepo chiyani?

"Basi tamvana, nkhani yatha." Mawu amenewa amamveka tsiku lililonse m'misika, m'magalaja ndi pakhomo pa eni nyumba za lendi, anthu akangobwezerana ndalama. Amagwirana chanza, aliyense n'kulowera kwake. Koma pakapita miyezi itatu, wina amatulukira kuti ndalama zija zinali zosakwana, winanso n'kumati zitsulo zomwe anadula sanalipidwe. Mwa malamulo a m'Malawi, munthu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi zoti akasume pa nkhani ya pangano lophwanyidwa. Nthawi imeneyi ndi yaitali moti mboni zimasamuka, foni zimatayika, ndipo zomwe anthu anagwirizana pakamwa aliyense amazikumbukira momukomera.

Chotchinga zonsezi ndi kapepala ka tsamba limodzi, kotsimikiza kuti ndalama zabwezedwa ndiponso kuti mbali zonse ziwiri sizidzafunananso kanthu.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe amene akumanga nyumba. Anapereka K600,000 kwa mmisiri wowotcherera zitsulo kuti amupangire mafelemu khumi a mawindo. Mmisiri anapanga awiri okha, kenako n'kuyamba kuzengereza. Atakangana kwa milungu ingapo, anagwirizana kuti mayi atenge mafelemu awiriwo pa mtengo wa K120,000, ndipo mmisiri abweze K480,000. Anatumiza K300,000 pa Airtel Money, K180,000 yotsalayo n'kupereka pamanja.

Anthu ambiri pamenepa amangolemba kuti "Ine ndalandira ndalama zanga, nkhani yatha." Chiganizo chimenechi chili ndi mabowo ambiri. Ndalama zingati? Za chiyani? Nkhani iti yatha? Ndipo wasainayo ndi mmodzi yekha, kutanthauza kuti mmisiri sanalonjeze kalikonse.

Kalata yabwino imayamba ndi anthu ake: maina athunthu monga alili pa chiphaso cha unzika, nambala za ziphasozo, ndi komwe aliyense amakhala. Maina a pamsika monga "Bambo a mawindo" sathandiza kukhoti. Ngati ndalama zinapita ku kampani, kalata itchule kampaniyo, ndipo wosainira alembe udindo wake. Kenako ifotokoze mwachidule pangano loyamba lija, tsiku lake ndi ndalama zomwe zinaperekedwa. Pakatikati pake pangalembedwe motere:

"Wogula akutsimikiza kuti walandira K480,000 kuchokera kwa Mmisiri, yobweza pa K600,000 yomwe analipira pa 5 Febuluwale ya mafelemu khumi a mawindo. K300,000 yalandiridwa pa Airtel Money pa 10 Epulo, ndipo K180,000 yalandiridwa pamanja lero, pa 14 Epulo. Mafelemu awiri omwe anapangidwa, a mtengo wa K120,000, ndi a Wogula."

M'kalata yeniyeni, tsiku lililonse likhale ndi chaka chake, ndalama zilembedwe m'manambala komanso m'mawu, ndipo nambala yomwe imabwera mu uthenga wa Airtel Money kapena TNM Mpamba ikoperedwe ndendende. Uthenga wa pafoni umafufutika, koma ndi nambala imeneyo malipirowo angathe kufufuzidwa.

Mawu ofunika kuwayang'anitsitsa ndi oti "walandira". Ngati ndalama sizinafike m'manja, mayi asasaine kalata yonena kuti walandira, ngakhale mmisiri atalumbira kuti atumiza madzulo. Akatero ndiye kuti wapereka yekha umboni woti analipidwa. Cheke nacho sichinakhale ndalama mpaka banki itachilipira. Pamene malipiro ali apang'onopang'ono, kalata inene zoona zake: zomwe zaperekedwa, zomwe zatsala, masiku operekera, ndiponso kuti nkhani idzatsekedwa pokhapokha gawo lomaliza litalandiridwa.

Ndime yachiwiri ndiyo yotseka nkhani, ndipo iyenera kumanga onse awiri:

"Wogula sadzafunanso kwa Mmisiri ndalama ina iliyonse pa pangano la mafelemuli, kaya ndi chiwongoladzanja, ndalama zoyendera kapena chipukuta misozi cha kuchedwa kwa ntchito. Mmisiri nayenso sadzafuna kwa Wogula malipiro a zitsulo zomwe anagula, ntchito yomwe anagwira kapena kusunga katundu. Onse awiri asaina mwa kufuna kwawo, atawerenga ndi kumvetsa."

Kutchula zinthu chimodzichimodzi chonchi kungaoneke ngati kuchulukitsa gaga m'diwa, koma pali mlandu wotchuka umene umaonetsa chifukwa chake. Ku Mangalande, dokotala wina, a Foakes, anali ndi ngongole ya mapaundi opitirira 2,000 kwa mayi Beer, yomwe khoti linali litagamula kale. Anagwirizana molemba kuti azibweza pang'onopang'ono, ndipo mayiyo sadzachitaponso kanthu. Dokotala atamaliza kubweza, mayi Beer anafuna chiwongoladzanja. Mu 1884 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti ayenera kupatsidwa, chifukwa a Foakes sanapereke chatsopano chilichonse chosinthana ndi lonjezo la mayiyo, koma anangobweza zomwe anayenera kubweza kale. Malamulo a mapangano m'Malawi anachokera ku Mangalande, ndipo mlanduwu ophunzira zamalamulo amauwerengabe.

N'chifukwa chake kusiyirana kwa mbali zonse kuli kofunika. Mayi akusiya kufuna chiwongoladzanja, mmisiri akusiya kufuna mtengo wa zitsulo. Aliyense wataya kenakake kuti apeze kenakake, ndipo zimenezi ndi zomwe zimalimbitsa pangano. Za chiwongoladzanja si zongopeka: amene analipira mmisiri kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, n'kubwezeredwa ndalama yomweyo pambuyo pake, sakanatha kugula nayo zitsulo zochuluka ngati kale. Dandaulo lotere likambidwe asanasaine, ndipo zomwe agwirizana zilembedwe.

Mawu otseka nkhani asatambasuke kupyola mkangano womwe ulipo. Ngati mmisiri yemweyo anapangiranso mayi geti chaka chatha, kalata yonena kuti "sitidzafunananso kanthu pa nkhani ina iliyonse" ingamulande mayi mwayi wodandaula getilo likathyoka. Mawu oti "pa pangano la mafelemuli" ndiwo mpanda wake. Mafelemu awiri aja nawonso awaganizire: akadzapezeka opindika, mmisiri adzakonza kapena ayi? Chiganizo chimodzi chimakwanira.

Pomaliza pake pakhale siginecha za onse awiri, tsiku, malo, ndi mboni imodzi ya mbali iliyonse yolemba dzina ndi nambala ya foni. Wosatha kulemba adinde chala, ndipo kalata inene kuti anamuwerengera m'chinenero chomwe amamva, ndi dzina la wowerengayo. Palibe chifukwa chovutikira ndi Chingelezi ngati onse amamva bwino Chichewa. Makope akhale awiri, onse osainidwa, ndipo pomwe pafufutidwa onse asainepo pambali.

Kalatayi ili ndi malire ake. Yosainidwa moopsezedwa, monga munthu kuuzidwa kuti "sainani apo ayi simuona ngakhale tambala", khoti lingathe kuikana. Siithetsanso mlandu wa upandu: ngati mayi anakanena kupolisi kuti wabedwa mwachinyengo, kusiya mlanduwo kuli m'manja mwa oimira boma ndi khoti, ngakhale kuti kalata ingawaonetse kuti ndalama zinabwezedwa. Ngati dandaulo linafika kale ku bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, ndi bwino kulitumizira kope. Ndipo ngati nkhani ili kale kwa majisitireti, onse awiri apite nayo kalatayo kukhoti kuti mgwirizano wawo ulembedwe ngati chigamulo, popeza mlandu wosatsekedwa m'kaundula umaitanidwabe pa tsiku lake.