Mphaka amene anabwerera kwawo wapansi

Pa 31 Disembala 2012, tsiku lotsekera chaka, mayi wina wa mumzinda wa West Palm Beach m'chigawo cha Florida ku America anaona kamphaka kali dzandidzandi kuseri kwa nyumba yake. Kanali kowonda mpaka nthiti kuwerengeka, ndipo ngakhale kulira kankalephera. Mayiyo ndi ana ake anayamba kukaikira chakudya panja, kukanyengerera pang'onopang'ono mpaka kanalola kulowa m'nyumba. Patapita masiku 6 anakatengera kwa dokotala wa ziweto, mtima uli woti akaweta yekha.

Sankadziwa kuti mphakayo ali ndi eni ake, ndipo kuti eni akewo amakhala pamtunda wa kilomita imodzi ndi theka kuchokera panyumba yakeyo. Dzina lake anali Holly, wamkazi, wa zaka 4, wamawanga akuda ndi ofiirira, wozolowera kukhala m'nyumba. Anali atasowa kwa miyezi pafupifupi iwiri.

Kumayambiriro kwa Novembala eni akewo, bambo ndi mayi achikulire, anapita naye ku Daytona Beach pagalimoto yokhala ndi chipinda chogona ndi khitchini, kumsonkhano wa anthu okonda kuyenda ndi magalimoto oterewa. Usiku wina chitseko chitatsegulidwa, Holly anapulumuka n'kulowa mumdima. Mawa lake kunali kuphulitsa makombola achisangalalo, phokoso limene mphaka aliyense amalithawa. Anamufunafuna kwa masiku angapo, anamata zithunzi zake, anauza osamalira nyama a m'deralo, kenako anabwerera kwawo chimanjamanja. Kuchokera ku Daytona Beach kufika ku West Palm Beach ndi makilomita oposa 300, ngati kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre.

Dokotala uja anayendetsa kamakina pamsana pa mphakayo, ndipo kanawerenga nambala. Holly anali ndi kachipangizo kakang'ono ngati kambewu ka mpunga, kamene amakabaya pansi pa khungu pakati pa mapewa. Kachipangizoka sikasonyeza kumene nyama ili, ndiponso kalibe batire. Kamangosunga nambala, ndipo nambalayo ndi imene imapezeka m'kaundula pamodzi ndi dzina la mwini wake. Mayi amene anamutola uja analira, poona kuti mphaka amene anayamba kumukonda si wake. Bambo mwini mphaka, munthu wa zaka 70, analiranso atamuona. Wina angaseke kuti nkhalamba yonseyo kulirira chona, koma amene anasowetsapo chiweto chimene chinkagona kumapazi kwake sangaseke.

Nkhaniyi itatuluka mu nyuzipepala ya New York Times mu Januwale 2013, funso la ambiri linali lomweli limene mwina inunso muli nalo: kodi anayendadi wapansi, kapena anakwera galimoto ya wina mobisala? Palibe anamuona panjira. Umboni wonse unali pathupi pake. Anachoka akulemera makilogalamu 6, anapezeka ndi makilogalamu atatu okha. Kunsi kwa mapazi ake kunali zilonda zotuluka magazi. Zikhadabo zakutsogolo zinali zakuthwa ndithu, koma zakumbuyo zinali zitaperepeseka mpaka kutha. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mphaka akamayenda amabweza zikhadabo zakutsogolo m'kati mwa zala, pomwe zakumbuyo sizibisika kwenikweni ndipo zimakhuza pansi akamakankha thupi. Mphaka amene wangobindikira penapake osadya amawonda, inde, koma zikhadabo zake sizitha chonchi. Zimatha ndi msewu.

Masamu ake nawo si odabwitsa monga mmene munthu angaganizire. Patatha masabata awiri chisowereni, eni ake anauzidwa kuti mphaka wofanana naye waoneka akudya kuseri kwa malo ena odyera ku Daytona komweko. Ngati anali iyeyo, ndiye kuti ulendo wonse anauyenda m'masabata 6, kutanthauza makilomita 7 pa tsiku. Mphaka wathanzi akhoza kuyenda mtunda umenewu usiku umodzi, masana n'kubisala. Chovuta si miyendo. Chovuta ndi kudziwa kolowera.

Anthu akhala akuyesa kumvetsa zimenezi kwa zaka zoposa 100. Mu 1922 katswiri wina wa zamoyo wa ku Cleveland, Francis Herrick, analemba za mphaka wamkazi woyamwitsa amene ankamunyamula atamutsekera kuti asaone njira, n'kukamusiya makilomita ochepa kutali ndi ana ake. Anabwerera maulendo 7. Ulendo wotsiriza anakamusiya pamtunda woposa makilomita 25, ndipo sanaonekenso. Mu 1954 akatswiri ena ku Germany ankaika amphaka pakati pa chinthu chozungulira chokhala ndi makomo 24. Ambiri ankatulukira khomo loloza kwawo, makamaka ngati kwawoko sikunapitirire makilomita 5. Kupitirira pamenepo, luso lija linkachepa.

Ndiye makilomita 300 a Holly tiwafotokoza bwanji? Pafupi ndi kwawo mphaka amadalira mphuno ndi kukumbukira: fungo limene anasiya podzikhula pamitengo ndi pamakoma, phokoso lozolowereka, maonekedwe a malo. Kutali ndi kwawo zonsezi palibe. Ena amaganiza kuti mwina amamva mphamvu ya maginito ya dziko monga zimachitira mbalame zina zouluka maulendo ataliatali, koma pa amphaka zimenezi sizinatsimikizike. Ganizo limene ine limandigwira mtima ndi losavuta. Mizinda iwiriyi yonse ili m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, wina kumpoto wina kummwera, ndipo msewu waukulu wa I-95 umatsata gombe lomwelo. Nyama yolowera kummwera, nyanja ili kumanzere ndi mkokomo wa magalimoto kumanja, ili ngati ikuyenda mumpita. Chimene inafunika kusankha molondola ndi chimodzi chokha, kumpoto kapena kummwera.

Koma tisanamizane, Holly ndi mmodzi mwa ochepa, n'chifukwa chake analembedwa m'nyuzipepala. Kafukufuku wa yunivesite ya Queensland ku Australia, amene anatuluka mu 2018 ataunika amphaka osowa oposa 1,200, anapeza kuti atatu mwa anayi alionse amene anapezeka anali m'kati mwa mamita 500 kuchokera pomwe anathawira. Mphaka wamantha sathamangira kutali. Amalowa pansi pa khonde, m'denga, m'ngalande kapena m'shedi ya aneba, n'kukhala chete ngakhale akumva mwini wake akuitana. Wofuna mphaka wake amachita bwino kugwada ndi tochi usiku, kusuzumira m'mabowo a nyumba zoyandikana, kusiyana ndi kuzungulira tauni yonse pagalimoto.

Ndipo akabwera, chimwemwe chimatha kupweteka. Banja likamuona ali mafupa okhaokha limafuna kumudzazira mbale, usipa ndi mkaka zonse pamodzi. Thupi limene lakhala ndi njala kwa masabata silingalandire chakudya chambiri mwadzidzidzi: mchere wa m'magazi umasokonekera, mtima n'kufooka. Komanso mphaka, makamaka amene anali wonenepa, akakhala nthawi osadya mafuta amaunjikana m'chiwindi, ndipo chizindikiro chake ndi chikasu m'maso, m'nkhama ndi m'kati mwa makutu. Amafunika madzi, chakudya chochepa kangapo pa tsiku, ndi kuonedwa ndi dokotala.

Holly anachita mwayi kuti anagwera pakhomo la munthu woleza mtima. Anayenda yekha mtunda wonse uja, mphamvu n'kumuthera kwatsala kilomita imodzi ndi theka, ndipo kachigawo kotsalako anakamaliza atanyamulidwa m'manja.