Uthenga wa chitomero ndi mawu a ankhoswe

Ku Chadiza, nkhani yoti mwana wa uje wapeza banja inkayenda ndi miyendo. Nkhoswe ankadzuka m'mamawa, n'kupita kwa mwini mbumba, kuchoka apo kwa anyakwawa, kenako kwa azakhali a kutsidya kwa dambo. Lero miyendo ija ikadalipo, koma pawonjezeka zinthu ziwiri: gulu la banja la pa WhatsApp, ndi pepala lomatidwa pa bolodi la kutchalitchi. Abale a m'midzi ya mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume abalalikira ku Chipata, ku Lusaka, ku migodi, ena kutsidya kwa malire ku Mozambique ndi ku Malawi. Sangayenderedwe onse. Choncho uthenga wolembedwa walowa m'mwambo, ndipo uli ndi malamulo ake ngakhale palibe anawalemba m'buku.

Lamulo loyamba ndi la nthawi. Uthenga wa pafoni umabwera pomalizira, osati poyambirira. Mnyamata akagwirizana ndi mtsikana, n'kupereka chikole, nkhaniyo ikadali ya awiriwo ndi agogo kapena achemwali amene aululiridwa. Sinafike pagulu. Mnyamata amauza amalume ake, iwo n'kusankha wokafunsira. A kuchikazi salola tsiku lomwelo. Amati "Tamva, tiyambe tafunsa mwana," ndipo amapatsa alendowo tsiku lina lodzamva yankho. Pakati pa masiku awiriwa amalume a mtsikana amamuitana payekha n'kumufunsa ngati akumudziwadi munthuyo, ngati akumufuna, ndiponso ngati palibe wina amene analandira zake. Mbali ziwirizi zikagwirizana, ankhoswe akadziwika, zopereka za mwambo zikatchulidwa, apo mpamene pamakhala nkhani yolengeza.

Ngakhale pamenepo, pali anthu amene sayenera kumva nkhaniyi koyamba kudzera pagulu. Mwini mbumba, agogo, bambo wa mwanayo ndi alongo awo, komanso mfumu ya m'mudzi, awa amauzidwa pamaso. Amene ali kutali amaimbiridwa foni paokha, ndipo woimbayo akhale wamkulu. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume ndi amene adzaime pabwalo banjalo likadzagwedezeka. Munthu wotereyu akaona chithunzi cha mwana wa mlongo wake atavala mphete pakati pa mauthenga a mitengo ya feteleza ndi moni wa m'mawa, sakalipa ayi. Amangokhala chete. Tsiku lodzakamba za ukwati likafika amati, "Kafunseni amene munawauza." Kukonza zimenezi kumalira ulendo, nkhuku ndi kupepesa kwambiri, pomwe kukanapeweka ndi foni imodzi ya mphindi zisanu.

Chizindikiro choti zalakwika n'chosavuta kuchiona. Achinyamata amadzaza gulu ndi mitima ndi maluwa, koma akuluakulu a kuchikazi osalemba kanthu, ngakhale zikuoneka kuti awerenga. Pakapita kanthawi, foni ya mayi wa mtsikana imayamba kulira. Wanzeru akaona zimenezi amachotsa uthengawo msanga n'kutuma munthu kwa amene wadumphidwayo.

Tsopano mawu ake enieni. Tiyerekeze mtsikana wa m'dera la mfumu Mwangala amene akuphunzitsa pa sukulu ina pa boma, ndi mnyamata wa kwa Mlolo amene akugwira ntchito ku Lusaka. Mnyamatayo, mwa chimwemwe, akufuna kulemba yekha kuti, "Ndamupeza wanga, ukwati posachedwa." Mawuwa ngabwino pakati pa anzake. Pagulu la banja ali ndi vuto: wolankhula ndi mwana, sakutchula kwawo kwa mtsikana, ndipo akulengeza ukwati pomwe chachitika ndi chitomero. Uthenga umene akuluakulu amaulandira umamveka chonchi:

"Zikomo makolo ndi abale nonse. Ine uje, m'malo mwa amalume athu a uje, ndikudziwitsani kuti mwana wathu uje, mwana wa anauje a m'mudzi wakuti, mfumu Mwangala, wafunsiridwa ndi a banja la auje a m'mudzi wakuti, mfumu Mlolo. Akuluakulu a mbali zonse anakumana Loweruka lapitali ndipo agwirizana. Nkhoswe wa kuchikazi ndi auje, wa kuchimuna ndi auje. Tsiku la chinkhoswe tidzakuuzani akuluakulu akapangana. Amene ali ndi mawu pa nkhaniyi aonane ndi ankhoswe, osati pano pagulu. Zikomo."

Mawu aliwonse m'menemu ali ndi ntchito. Wolembayo nthawi zambiri ndi mdzukulu wodziwa foni, koma akunena poyera kuti watumidwa, kuti owerenga adziwe kuti nkhaniyi yadutsa kwa mwini mbumba. Agogo amene sawerenga amatha kujambulidwa mawu n'kutumizidwa pambuyo pake, ndipo mawu a pakamwa pawo amalemera kuposa zolembedwazo.

Kutchula mayi ndi mudzi ndiye mtima wa uthengawu. Ku Chadiza a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe ndi ochuluka zedi, moti dzina lokha silikuuza kuti munthuyo ngwa yani. Achinyamata ambiri lero akumanira ku koleji kapena ku tauni, osadziwa mizere ya makolo awo. Gogo akamva dzina la mayi ndi mudzi, amawerenga m'mutu: mayi ameneyu anabadwa kwa yani, agogo ake anachokera kuti. Mwambo wathu unkalola chisuweni, ndiye kuti mwana wa amalume kapena wa azakhali, koma mwana wa mayi aang'ono kapena mayi aakulu ndi mlongo wako weniweni, ndipo pamenepo ukwati palibe. Zoterezi zimadziwika ndi okalamba okha, ndipo sangazidziwe ngati uthengawo wangoti "mnyamata wa ku Lusaka."

Chiganizo chomaliza chija, choloza kwa ankhoswe, ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse. Kulengeza chitomero sikungogawana chimwemwe. Ndi kufunsa mudzi ngati pali chobisika. Mwina mnyamatayo anasiya mkazi ku Chipata osasudzulana bwino pamaso pa ankhoswe kapena ku khoti la m'dera. Mwina banja lina linapereka kale chikole. Wodziwa zimenezi afunika khomo lolowera. Ukapanda kumuonetsa khomolo, adzalemba pagulu pomwe pali anthu ochuluka, apongozi a mawa ali pomwepo, ndipo mawu olembedwa safufutika m'mafoni a anthu. Akapita kwa nkhoswe, nkhaniyo imafufuzidwa mwakachetechete, ndipo ikapezeka kuti ndi nsanje chabe imathera pomwepo popanda mtsikana kuchititsidwa manyazi.

Pali zimene sizilowa mu uthengawu. Ndalama za chimalo kapena malowolo ndi za pa mphasa ya ankhoswe. Kuzilemba pagulu kumasandutsa mwana kukhala katundu wa pamsika, ndipo kumayambitsa mpikisano pakati pa mabanja. Ngati mtsikana ndi woyembekezera, akuluakulu akudziwa kale ndipo akambirana mbali yake. Gulu silikufunika kuuzidwa. Za zopereka nazo zidikire uthenga wachiwiri, tsiku likadziwika. Pamenepo patchulidwe msungichuma mmodzi, dzina lake ndi nambala imodzi, kaya ya Airtel kaya ya MTN, ndipo otumiza aone dzina limene likutuluka pafoni asanatsimikize. Uthenga ukamatumizidwa kuchoka gulu lina kupita lina, n'kosavuta kuti wina asinthe nambala n'kuika yake.

Tsiku lotumiza limasankhidwanso. Ngati m'mudzi kapena m'banja mwagwa maliro, chilengezo chimadikira, ngakhale chitakhala cholembedwa kale. Tsiku la mwambo ambiri amaliika anthu atakolola n'kugulitsa chimanga, soya kapena mtedza, pamene m'thumba muli kanthu ndipo misewu ya kumidzi ndi youma. Loweruka lomaliza la Ogasiti ndi lopewa, chifukwa mafumu ndi anthu awo amakhala ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba wa Kalonga Gawa Undi.

Pepala la pa bolodi ndi nkhani ina. Gulu la banja ndi la abale, koma bolodi limawerengedwa ndi aliyense wodutsa. Choncho pepalalo limafupika: maina a awiriwo, midzi yawo ndi mafumu awo, maina a ankhoswe, tsiku, ndi siginecha ya amene walemba. Chithunzi cha mtsikana ndi nambala yake ya foni zisapezekepo. Ndipo silimatidwa mwakuba. Kutchalitchi, kaya ndi ku Reformed Church in Zambia kaya ku Katolika, limadzera kwa mkulu wa mpingo kapena kwa mlembi, amene ayenera kuti anamva kale kwa ankhoswe.

Apa anthu ambiri amasokoneza zinthu zitatu. Pepala la banja lolengeza chitomero lilibe mphamvu ya lamulo. Kulengeza ukwati m'tchalitchi, kumene mipingo yambiri imachita Masabata atatu otsatizana, n'kwa mpingo, ndipo kumayamba awiriwo akalembetsa. Chachitatu ndi chidziwitso cha boma. Amene akufuna ukwati wa pansi pa lamulo la maukwati la Zambia amakalembetsa kwa wolemba maukwati ku khonsolo, chidziwitsocho n'kukhala poonekera masiku 21 kuti wotsutsa abwere, ndipo ukwatiwo uyenera kuchitika isanathe miyezi itatu kuchokera pa tsiku la chidziwitso. Banja limene lamata pepala lake kutchalitchi n'kuganiza kuti masiku 21 ayamba kuwerengedwa limadzadzidzimuka mochedwa, mowa utafululidwa kale.

Chomaliza ndi msinkhu. Mu 2023 Zambia inasintha lamulo la maukwati, moti ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wosavomerezeka, ngakhale utakhala wa mwambo. Kale ena ankabisala kumbuyo kwa mawu oti mtsikana watha msinkhu ndipo wavinidwa. Lero khomo limenelo n'lotseka, ndipo mafumu a kuno kum'mawa akhala akuthetsa maukwati a ana n'kuwabweza ku sukulu. Wachinyamata amene wapatsidwa foni kuti alembe uthenga wa chitomero ali ndi udindo wofunsa zaka za mtsikanayo, ndipo aone chitupa chake kapena kadi la kusikelo ngati pali chikaiko. Ngati sanakwane 18, asalembe. Abweze foniyo kwa amene wamutuma, ndipo akauze anyakwawa kapena aphunzitsi aakulu a pa sukulu ya mwanayo tsiku lomwelo.