Metadeta ya Masamba Otsatizana ndi Osefedwa a Sitolo za pa Intaneti

Tsamba lililonse la pa intaneti limakhala ndi mizere ingapo imene wogula saiona pakati pa zithunzi ndi mitengo ya katundu, koma makina ofufuzira monga Google amaiwerenga. Mizere imeneyi ndiyo metadeta. Imanena mutu wa tsambalo, imafotokoza mwachidule zimene zilimo, ndipo imauza makinawo ngati tsambalo lilowe m'kaundula wawo kapena ayi. Pa tsamba lolembedwa ndi munthu, kulemba metadeta sikuvuta. Vuto limabwera pa masamba amene pulogalamu ya sitolo imapanga yokha, pamene ikugawa katundu m'masamba otsatizana kapena pamene wogula akusefa katunduyo.

Chitsanzo cha sitolo yongoyerekeza chingaonetse kukula kwa vutoli. Sitoloyo ili ndi nsapato 240 ndipo imaonetsa 24 pa tsamba lililonse, choncho masamba otsatizana alipo 10. Wogula angathe kusefa nsapatozo potengera mtundu, saizi ndi kampani yopanga. Mitundu ilipo 8, masaizi 10, makampani 5. Popeza sefa iliyonse ingathe kusankhidwa kapena kusiyidwa, maadilesi amene angapangike ndi 9 × 11 × 6, omwe ndi 594. Mwa amenewa, 400 ndi a masefa onse atatu pamodzi. Ngati nsapato iliyonse ili ndi mtundu umodzi, saizi imodzi ndi kampani imodzi, nsapato 240 sizingadzaze masamba 400. Masamba osachepera 160 adzakhala opanda kanthu, ndipo ambiri mwa otsalawo adzakhala ndi nsapato imodzi kapena ziwiri basi.

Googlebot, pulogalamu imene imayendera masamba m'malo mwa Google, siidziwa kuti tsamba ndi lopanda kanthu mpaka italitsegula. Ikamatanganidwa ndi maadilesi mazanamazana otere, imachedwa kufika pa katundu watsopano, ndipo seva ya sitolo imalemedwa pachabe. Nchifukwa chake masambawa safunika kulembedwa mofanana onse. Ali m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse lili ndi kachitidwe kake.

Gulu loyamba ndi la masamba otsatizana, kaya a katundu kapena a nkhani zakale za nyuzipepala. Tsamba lachiwiri si kope la loyamba, chifukwa lili ndi nsapato zina 24. Liyenera kukhala ndi adilesi yakeyake, ndipo mzere wa `canonical`, umene umanena adilesi yeniyeni ya tsamba, uyenera kuloza tsamba lomwelo:

```html
<title>Nsapato za amuna, tsamba 2</title>
<link rel="canonical" href="https://example.com/nsapato?page=2">
```

Cholakwika chofala ndicho kulozetsa `canonical` ya masamba onse ku tsamba loyamba. Kutero nkuuza Google kuti masamba 9 otsalawo ndi makope chabe, pomwe nsapato 216 mwa 240 zili m'masamba amenewo. Kuika `noindex` pa masamba otsatizana nakonso kuli ndi vuto, chifukwa tsamba likakhala nthawi yaitali lili kunja kwa kaundula, Google imasiya kutsatira maulalo ake. Nambala ya tsamba isalembedwe pambuyo pa chizindikiro cha `#`, popeza Google siiwerenga zimene zalembedwa pambuyo pa chizindikirochi. Mu 2011 Google inayamba kugwiritsa ntchito `rel="next"` ndi `rel="prev"` pozindikira masamba otsatizana, koma mu 2019 inalengeza kuti inasiya. Chimene chimagwira ntchito tsopano ndi ulalo wamba wochoka pa tsamba lina kupita pa lotsatira.

Gulu lachiwiri ndi la masamba osefedwa amene ali ndi katundu. Apa funso ndi lakuti kodi anthu amafufuzadi zimenezo. Tsamba la nsapato zakuda za amuna lingathe kukhala ndi nsapato 40, ndipo anthu amalembadi mawu amenewa pofufuza. Tsamba lotere liyenera mutu wake, chidule chake ndi `canonical` yoloza lokha. Koma tsamba la nsapato zobiriwira, saizi 46, za kampani imodzi, lokhala ndi nsapato imodzi yokha, silionjezera kanthu pa tsamba la nsapato imeneyo. Limayenera mzere uwu:

```html
<meta name="robots" content="noindex">
```

Google sinaike nambala yonena kuti katundu wochepa ndi wochepa bwanji. Mwini sitolo ndiye amaika malire, mwachitsanzo kuti tsamba losefedwa lilowe m'kaundula pokhapokha likakhala ndi katundu wokwana 6 ndipo masefa ake asapose awiri. Pulogalamu ya sitolo imawerenga katundu isanalembe metadeta, kenako nkusankha mzere woyenera. Malirewo asamasinthe tsamba tsiku ndi tsiku: tsamba limene lero lili ndi nsapato 6, mawa 5, mkuja 6, lingamalowe ndi kutuluka m'kaundula mosalekeza ngati palibe nthawi yodikira.

Masamba amene amangosintha dongosolo la katundu yemweyo, monga `?sort=price`, ndiwo oyenera `canonical` yoloza tsamba losasefedwa, chifukwa zimene zilimo nzofanana. Komabe `canonical` ndi pempho chabe. Google ikaona kuti masamba awiriwo ndi osiyana kwambiri, imalinyalanyaza nkusankha yokha.

Gulu lachitatu ndi la masamba opanda kanthu, ndipo apa metadeta siithandiza. Masitolo ambiri amalemba kuti palibe katundu wapezeka, koma seva nkuyankha ndi nambala 200, imene imatanthauza kuti zonse zili bwino. Nthawi zina mutu umapitiriza kulonjeza nsapato zobiriwira za saizi 46, pomwe tsambalo lili mbee. Google imatcha tsamba lotere `Soft 404`. Malangizo ake ndi akuti masefa akapanda kupeza kanthu, seva iyankhe ndi nambala 404 pa adilesi yomweyo, osati kutumiza wogula ku tsamba lina. Chimodzimodzinso `?page=11` pa sitolo ya masamba 10. Wogula angathe kuonabe uthenga waulemu ndi maulalo a nsapato zina, popeza nambala 404 imamveka kwa makina okha.

Palinso msampha wina pa fayilo ya `robots.txt`, imene imaletsa Googlebot kutsegula maadilesi ena:

```
User-agent: *
Disallow: /*?*saizi=
```

Lamuloli limapulumutsa seva, koma Googlebot ikaletsedwa kutsegula tsamba, siionanso `noindex` imene ili m'kati mwake. Masamba amene analowa kale m'kaundula angathe kukhalamobe. Choncho pamafunika kuyamba ndi `noindex`, kudikira kuti masambawo achoke, ndiyeno nkutseka ndi `robots.txt`.

Zotsatira za ntchito yonseyi zimaoneka mu Search Console, pa lipoti la `Pages`. Maadilesi ambiri pansi pa `Soft 404` amasonyeza kuti masamba opanda kanthu akuyankhabe 200. Pansi pa `Duplicate, Google chose different canonical than user` pamapezeka masamba amene `canonical` yake yakanidwa. Maadilesi a masefa akachuluka pansi pa `Crawled - currently not indexed`, ndiye kuti Googlebot ikuwatsegula koma sikupezamo chosunga. Tsamba lachiwiri kapena lachitatu la katundu likapezeka pansi pa `Excluded by 'noindex' tag`, lamulo la masefa lakhudza masamba olakwika. M'sitolo ya nsapato 240 ija, masamba oyenera kukhala m'kaundula ndi 10 otsatizana aja, masamba a nsapato zenizenizo, ndi masamba ochepa osefedwa amene ali ndi katundu wokwanira.