Mwana Wanu Si Waulesi: Magazi Akutha ndi Msambo

Mabanja ambiri a kumudzi kuno ali ndi ana aakazi amene akugwira ntchito za m'nyumba ku Lilongwe, makamaka ku Area 43 ndi madera ena a nyumba zazikulu. Nthawi zina mwana wotere amabwezedwa kumudzi, ati wayamba ulesi. Makolo, musafulumire kukalipa. Yambani mwamuyang'ana m'zikhatho ndi m'kati mwa chikope cha m'munsi. Ngati mwatuwa, mayi kapena azakhali amtengere pambali namufunse za kumwezi.

Tonse tidziwa kuti chimanga chikasowa chakudya m'nthaka masamba ake amachita chikasu. Magazi nawonso ali ndi chakudya chake, dzina lake ayironi. Mkazi akamasamba bwino amataya magazi okwana masupuni aakulu awiri kapena atatu pa mwezi, ndipo zakudya zimabwezeretsa. Koma akamataya opitirira masupuni asanu mwezi ndi mwezi, thupi limayamba kutapa ayironi amene linasunga, monga banja litapa m'nkhokwe, mpaka nkhokweyo igone. Kafukufuku wa Boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi atatu alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi, mmodzi anali wochepa magazi. Malungo ndi njoka za m'mimba zimathandizira, koma za msambo sizinenedwa chifukwa cha manyazi.

Palibe amene amayesa magazi ake ndi supuni, choncho zindikirani motere. Msambo wachuluka ngati upitirira masiku 7, ngati nsalu kapena padi ikudzaza pa ola limodzi kapena awiri, ngati mkazi adzuka usiku kukasintha, kapena ngati akutaya zibuluma zazikulu za magazi.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 19 wogwira ntchito ku Area 43. Amasamba masiku 9, ndipo zakhala chomwecho chaka chathunthu. Tsopano akakolopa chipinda chimodzi apuma wefuwefu, mtima uthamanga, akaweramuka pochapa aona chidima. Mutu umuwawa kawirikawiri, ndipo akulakalaka kudya dothi. Apite kuchipatala cha Boma chapafupi, monga cha ku Area 18 kapena cha Bwaila, akanene mosabisa kuti magazi akutuluka ambiri. Kumeneko adzamuyeza magazi. Mkazi wopanda pakati ayenera kupezeka ndi 12 kapena kuposa. Tinene kuti uyu apezeka ndi 9. Adzampatsa mapiritsi a ayironi, kawirikawiri limodzi pa tsiku. Pakatha milungu itatu kapena inayi magazi angakwere kufika pa 11, ndipo mphamvu zimabwerera.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Akaona kuti apeza bwino amataya mapiritsi, osadziwa kuti nkhokwe ija ikadali yopanda kanthu. Ayenera kupitiriza kumwa miyezi itatu magazi atakwana kale. Ena amaleka poona chimbudzi chakuda, koma chimenecho n'chizolowezi cha mankhwalawa, sichoopsa. Akadzimbidwa kapena akachita nseru, amwere pa chakudya, ndipo zikapitirira akauze adokotala. Chinanso, m'nyumba za m'tauni tiyi sasowa, koma tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi. Piritsi limwedwe ndi madzi, tiyi adikire ola limodzi kapena awiri. Mapiritsiwo abisidwe kutali ndi ana, pakuti mwana akamwa ambiri angathe kufa.

Kudzaza nkhokwe yodontha n'kutaya nthawi, choncho adokotala amafunanso chimene chikuchulukitsa msambo. Kwa atsikana ongotha msinkhu nthawi zambiri thupi limakhala lisanakhazikike. Kwa amayi opitirira zaka 30 zimakhala zotupa za m'chiberekero, zimene amaziona ndi makina ounikira m'mimba, ndipo zikakula amatumiza ku Chipatala Chachikulu cha Kamuzu. Lupu nayonso imachulukitsa msambo kwa ena. Alipo mankhwala ochepetsa kutaya magazi omwa pa masiku a kumwezi okha, ndipo mapiritsi olera amathandiza ena. Asipirini ayi, amaonjeza kutaya magazi.

Za zakudya ndinene monga mlangizi. Chiwindi, nyama, usipa ndi matemba ndizo zili patsogolo. Nyemba, khobwe, bonongwe ndi chisoso zimathandiza, makamaka mukadyera pamodzi ndi gwafa, lalanje kapena malambe. Zakumwa zofiira za m'botolo sizionjezera magazi ngakhale dontho. Kufiira kwake ndi utoto chabe. Ndipo magazi akatsika kufika pa 9, ndiwo zokha sizingawakweze msanga popanda mapiritsi.

Mkazi akakomoka, akamapuma movutika ali chikhalire, kapena akataya magazi ambiri pamene akuganiza kuti ali ndi pakati, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti mwina afunika kuikidwa magazi. Ndipo mayi amene aona magazi pakati pa mwezi, kapena atakhala malo amodzi ndi bambo, kapena atasiya kale kusamba, akapimitse khomo la chiberekero.